Kutsanzikana ndi mnzanu amene mwakhala naye nyumba imodzi: mafunso ndi mayankho

M'matauni mwathu anthu ambiri amayamba moyo wodziimira paokha pogawana nyumba ya lendi ndi mnzawo. Poyamba cholinga chimangokhala kupepukitsa lendi, koma zikadutsa zaka zitatu kapena zinayi mumapeza kuti munthu uja akukudziwani kuposa abale anu ena. Ndiye akudziwa kuti mukakhala chete madzulo kuntchito sikunayende, ndiye anakuperekezani kuchipatala usiku, ndiye munadya naye nsima ya bonya mwezi utafika pakati. Tsono tsiku lina amakuuzani kuti asamuka.

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu otsala m'nyumba amakonda kufunsa akafuna kunena mawu otsanzikana. Kuti mayankho akhale ogwirika, titsatira chitsanzo chimodzi: amayi awiri amene akhala zaka zinayi m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Chilomoni mu Blantyre. Wamkulu ndi namwino ndipo amusamutsira ku Mzuzu. Wamng'ono amagulitsa m'sitolo ku Limbe, ndipo ndiye akutsala.

Mumtima muli zambiri, koma ndikakhala pansi kuti ndilembe, mawu sakubwera. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kufunafuna mawu okoma. Yambani ndi kukumbuka. Mawu amasowa chifukwa mukuyesa kunena za zaka zinayi zonse m'chiganizo chimodzi, ndipo chimene chimatuluka ndi "zikomo chifukwa cha zonse", mawu amene munganenenso kwa wina aliyense.

Tengani pepala, muyende m'nyumbamo pang'onopang'ono mnzanuyo atachoka. Imani kukhitchini: ndani ankayatsa mbaula magetsi akazima? Ndani anaphunzitsa mnzake kuphika futali? Imani pakhomo: ndani ankadzuka pakati pa usiku kutsekulira mnzake? Imani pampopi: madzi atasiya kutuluka masiku angapo, ndani anapita kukatunga, ndi ndowa iti? Lembani chilichonse chimene chabwera, ngakhale chooneka chachabe. Mupeza zinthu khumi kapena kuposa.

Pa zimenezo musankhepo zitatu zokha. Choyamba chikhale chinthu chimene anakuchitirani tsiku lodziwika, chimene iye mwina anaiwala kale. Chachiwiri chikhale kakhalidwe kake ka tsiku ndi tsiku kamene mudzakasowe, monga kuimba nyimbo za kwaya akutsuka mbale. Chachitatu chikhale chinthu chimene chasintha mwa inu chifukwa chokhala naye. Uthenga wanu wonse uli mu zinthu zitatu zimenezi. Zotsalazo ndi moni ndi mafuno abwino, ndipo zimenezo sizivuta.

Njira yoyesera ndi iyi: werengani chiganizo chilichonse n'kudzifunsa ngati mungachitumize kwa mnzanu wa kuntchito osasintha kanthu. Ngati mungatero, chichotseni.

Pali ndalama zina zimene sitinawerengerane. Kodi ndizitchule mu uthenga womwewo?

Ayi, ndipo apa mpamene mauthenga ambiri amaonongekera. Munthu amalemba mawu abwino kwambiri, kenako kumapeto n'kuwonjeza kuti "musaiwale ya madzi ija". Wowerengayo amaiwala zonse za pamwamba, n'kutsala ndi ganizo lakuti mawu okoma aja anali njira yolowera pa ngongole. Nkhani ya ndalama ikhale ndi tsiku lake, ithe kutatsala milungu iwiri kuti asamuke, kuti tsiku lotsanzikana lidzapeze mitima ilibe chiwerengero.

Khalani pansi masana, osati usiku mutatopa, muli ndi kope ndi cholembera. Zinthu zofunika kuziona ndi izi: lendi ya mwezi womaliza, dipoziti imene ili kwa alandilodi, bilu ya madzi imene imabwera mwezi utatha, katundu amene munagula mosonkherana, ndi ngongole ya kuokala ngati munkatenga zinthu m'dzina la nyumba. Magetsi a mayunitsi savuta chifukwa amalipidwa kale. Chofunika n'chakuti wotsalayo alembe nambala ya mita, chifukwa kawirikawiri imakhala m'foni ya munthu mmodzi amene ankagula nthawi zonse.

Tione mmene amayi a ku Chilomoni aja angachitire, ndi ndalama zongoyerekeza. Polowa anapereka dipoziti ya K120,000, aliyense K60,000. Popeza wamng'ono akutsala m'nyumbamo, alandilodi sabweza kanthu, ndiye iye ndi amene abwezere mnzake K60,000 yake. Fuliji anagula limodzi, ndipo agwirizana kuti lero ingagulitsidwe K200,000. Kuinyamula kupita nayo ku Mzuzu n'kodula, choncho itsala, ndipo wotsalayo apereka theka, K100,000. Madzi akhala akubwera pafupifupi K14,000 pamwezi, ndiye wochokayo asiya K7,000 ya bilu imene sinabwere. Zonse pamodzi, wotsalayo ali ndi ngongole ya K153,000. Sangathe kuipereka nthawi imodzi pomwe lendi yonse yamugwera yekha, ndiye agwirizana kuti azitumiza K51,000 kumapeto kwa mwezi kwa miyezi itatu, pa Airtel Money kapena Mpamba. Azilemba m'kope, aliyense n'kujambula tsambalo ndi foni yake.

Kulemba si kukayikirana. Miyezi iwiri ikapita, wina amakumbukira K150,000, wina K160,000, ndipo maubwenzi a zaka zambiri atha chifukwa cha kusiyana kocheperapo kuposa pamenepa. Pitaninso limodzi kwa alandilodi kukawauza, kuti amve kuchokera kwa nonse awiri kuti dipoziti tsopano ndi ya ndani.

Tinthu ting'onoting'ono, monga mthiko, sefa kapena ndowa, musatiwerengere mtengo. Amene akukafuna atenge.

Nthawi yabwino yopereka uthenga ndi iti?

Usiku woti mawa anyamuka, mutadya. Tsiku lenileni la ulendo silikhala la mawu: wa galimoto yonyamula katundu wachedwa, chingwe chomangira matiresi chasowa, aneba akubwera kudzatsanzika, ndipo wosamukayo maganizo ake ali pa basi ya ku Wenela. Mawu amene munganene pamenepo sawamva bwino, ngakhale atagwedeza mutu.

Kufulumira kwambiri nakonso sikuthandiza. Mukatsanzikana kutatsala mlungu wathunthu, masiku otsalawo mumakhala mukuzembana maso m'nyumba, osadziwa chonenanso. Ngati mnzanuyo amagwira ntchito ya usiku ngati namwino uja, funsiranitu usiku umene adzakhale pakhomo, ndipo muuzeni kuti tsiku limenelo asadye kwina. Phikani chimene amakonda. Sichifunika kukhala chodula. Ngati ndi nkhwani wotendera ndi usipa, phikani zomwezo.

Ndinene pakamwa, ndilembe kalata, kapena nditumize pa WhatsApp?

Zimadalira chimene mukufuna kuti chitsale, koma ine ndimalimbikitsa zinthu ziwiri pamodzi: mawu ochepa pakamwa usiku womaliza uja, ndi kalata yolemba pamanja imene akawerenge ali m'njira.

Pakamwa pamafunika chifukwa munthu amene mwakhala naye nyumba imodzi akhoza kumva kuwawa mukamutumizira uthenga pafoni ali m'chipinda choyandikana nanu. Koma pakamwa misozi imadula mawu, ndipo zimene munakonza zimathawa. Choncho nenani ziganizo ziwiri kapena zitatu basi: kuti mukuthokoza, kuti nyumba ino isintha, ndi kuti mwamulembera kanthu. Ngati mumapemphera limodzi, pempherani, pemphero likhale la ulendo wake.

Kalata ili ndi ubwino wakuti sitayika foni ikabedwa kapena ikafa. Pepala la m'kope limakwana. Lipindeni, muliike m'chikwama cha m'manja chimene akhale nacho pampando, osati m'thumba la katundu limene akalimasule pakapita milungu. Ulendo wa basi wochoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu ndi wautali, kudzera ku Zalewa, Ntcheu, Dedza, Lilongwe, Kasungu ndi Jenda, ndipo m'maola amenewo munthu amakhala yekha ndi maganizo ake. Kalata imapeza malo pamenepo.

Ngati kulemba kumakuvutani, jambulani mawu pa WhatsApp. Liwu lanu limanyamula zimene zilembo sizinganyamule. Lisapitirire mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo mulembe kaye zinthu zitatu zija papepala kuti musazungulire. Kumbukiraninso kuti m'basi akhoza kulimvera pafupi ndi anthu osawadziwa, ndiye mumuchenjeze kuti avale zomvera za m'makutu.

Mnzangayo ndi wamkulu kwa ine. Ndilembe kuti "iwe" kapena "inu"?

Lembani mmene mumamuitanira tsiku lililonse. Ngati zaka zonsezi mwakhala mukuti "achemwali" kapena "asisi", ndi "inu", musasinthe lero. Ngati ndinu amsinkhu umodzi amene munazolowerana kuyambira kukoleji ndipo mumaitanana kuti "mesho" kapena "aise", kalata yoyamba ndi "Okondedwa mayi" idzamudabwitsa, mwinanso adzaganiza kuti pali chimene chalakwika. Ulemu wa m'kalata yotere sufanana ndi wa kalata yopita kuofesi. Ngati ali ndi mwana ndipo mumamuitana ndi dzina la mwanayo, kapena mumamutchula ndi mfunda wake, gwiritsani ntchito zomwezo.

Mungandionetse chitsanzo cha uthenga wonse?

Tiyambe ndi mmene anthu ambiri amalembera poyamba:

"Achemwali, zikomo kwambiri chifukwa cha zonse zimene mwandichitira. Ndinu munthu wabwino kwambiri. Ndidzakusowani. Mulungu akudalitseni kumene mukupitako."

Mulibe bodza mmenemu, ndipo wolandirayo athokoza. Vuto ndi lakuti mulibe nyumba, mulibe zaka zinayi, mulibenso namwino uja. Akalandira mauthenga ena asanu ofanana nawo kuchokera kuntchito ndi kutchalitchi, ndipo uwu udzasowa pakati pawo. Tsono wamng'ono uja atayenda m'nyumba ndi pepala lake, anasankha zitatu: usiku umene anadwala malungo, phokoso la makiyi m'mawa, ndi nkhani yosunga ndalama. Kalata yake ikhoza kukhala yotere:

"Achemwali,

Mukamawerenga kalatayi mwina mwadutsa kale pa Zalewa. Dzulo ndinalephera kulankhula, ndiye ndalemba.

Chaka chachiwiri tili m'nyumba muno ndinadwala malungo. Inu munali mutangofika kuchoka kuntchito ya usiku, musanavule ndi nsapato zomwe. Munandigwira pamphumi, osanena kanthu, n'kutuluka kukafuna galimoto. Masiku atatu otsatira munkandiphikira phala n'kukhala pamphepete pa bedi mpaka nditamaliza. Amayi ataimba foni ali ndi nkhawa, munawauza kuti asavutike kukwera basi, mwana wawo ali ndi mkulu wake. Mawu amenewo sindinakuuzeni kuti ndinawamva. Ndinawamva, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinakuoneninso ngati munthu wongogawana naye lendi.

M'mawa uliwonse mukamabwera kuntchito ndimamva makiyi anu pakhomo, n'kudziwa kuti nthawi yanga yodzuka yakwana. Sindinatcherepo alamu zaka zinayi. Lolemba ndiyamba.

Pamene tinkakumana, malipiro anga sankafika pa 15. Ndinu amene munandikhazika pansi ndi kope lija, n'kundionetsa kupatula ya lendi ndi ya ufa tsiku lomwe ndalandira. Ndinakwiya nanu tsiku limenelo. Lero mng'ono wanga ali Fomu 3 ndipo fizi sinadukepo.

Pamene ndinakulakwirani, makamaka nthawi ija ndinabweretsa alendo osakuuzani inu mukufunika kugona, ndikhululukireni.

Ku Mzuzu akuti kumazizira. Juzi yanga yofiira ija mumaikonda ndaiika pansi pa zovala zanu, musaibweze. Mukafika mundiimbire, ngakhale utakhala usiku. Ine ndidzaimba Lamlungu lililonse mukaweruka kutchalitchi.

Muyende bwino, Mulungu akutsogolereni.

Mng'ono wanu."

Onani zimene zachitika. Palibe pamene wanena kuti "ndinu munthu wabwino", koma wowerenga aliyense akuona ubwinowo m'nsapato zosavula zija. Kupepesa kwatenga chiganizo chimodzi ndipo kwatchula cholakwa chenicheni. Lonjezo ndi limodzi, laling'ono, lotheka. Fuliji ndi K153,000 mulibemo, chifukwa zinatha kale m'kope. Kalata yonse ikukwana tsamba limodzi ndi theka, ndipo pamenepo mpokwanira. Ikafika masamba anayi, zinthu zitatu zija zimamira.

Tinkakangana kawirikawiri. Kodi ndizitchule, kapena ndingokhala ngati sizinachitike?

Anthu awiri sangagwiritse ntchito bafa limodzi ndi poto mmodzi zaka zinayi osakhumudwitsana. Nonse mukudziwa, ndiye uthenga wonena kuti "sitinayambanepo" umamveka wopanda pake. Koma pali kusiyana pakati pa kuvomereza ndi kutsegulanso mlandu.

Tchulani mbali yanu yokha. "Ndikudziwa kuti kuchedwa kwanga kupereka lendi kunkakuikani pamavuto ndi alandilodi, pepani" ndi mawu otseka nkhani. "Ngakhale munkandikalipira nthawi zina, ndakukhululukirani" ndi mawu otsegula nkhani, chifukwa wowerengayo ayamba kudziteteza mumtima ali m'basi, popanda woti amuyankhe. Chenjeraninso ndi "koma" wobwera pambuyo pa kupepesa. "Pepani kuti ndinakulankhulani mwaukali, koma nanunso..." si kupepesa.

Mwambo wathu wotsanzikana uli kale ndi mawu oti "pamene tinalakwirana tikhululukirane", ndipo ndi mawu abwino. Amakwana pa zokhumudwitsana za tsiku ndi tsiku, za mbale zosatsuka ndi wailesi yokweza. Ngati pali chilonda chachikulu, monga ndalama imene inasowa m'nyumba kapena mawu amene anafika kwa chibwenzi cha wina, kalata singachipoletse. Chimenecho chikambeni maso ndi maso masiku angapo ulendo usanafike, mwina pali munthu wachitatu amene nonse mumamulemekeza. Chikakanika, chisiyeni kunja kwa kalata.

Nanga ngati akuchoka chifukwa sitikumvananso?

Musadzikakamize kulemba za chikondi chimene pakali pano simukuchimva. Iye adzadziwa kuti n'zopeka, ndipo zidzangowonjezera mkwiyo. Komanso musamulole atuluke ndi katundu wake inu mutadzitsekera kuchipinda. Blantyre ndi yaing'ono, mudzakumana pamaliro kapena paukwati wa mnzanu wina.

Uthenga waufupi, woona, ndi wokwanira: "Miyezi yomalizayi sinatiyendere bwino, tonse tikudziwa. Komabe sindiiwala kuti ntchito itandithera munalipira lendi nokha miyezi iwiri osandinyoza. Zikomo. Muyende bwino." Pa zaka zonse zimene munakhala limodzi, chinthu chimodzi choona choti muthokoze sichingasowe. Mukatumiza, musadikire yankho.

Ndife amuna. Kulemberana kalata kukundichititsa manyazi. Nditani?

Anyamata ambiri amene akhala limodzi amatsanzikana ndi nthabwala zokhazokha, n'kugwirana chanza mwamphamvu, basi. Pambuyo pake wotsalayo amakhala ndi mawu amene sananene. Simukufunika kusintha mmene mumalankhulirana. Nthabwala zikhalepo, koma pakati pake muikepo chiganizo chimodzi chosaseka, ndipo musachiphimbe ndi kuseka mukangochinena.

Amuna ambiri zimawapepukira kulankhula manja ali pa ntchito. Mukumasula bedi kapena kumanga makatoni, mukhoza kunena kuti: "Achimwene, nthawi ija bambo atamwalira munasiya ntchito masiku atatu n'kupita nane kumudzi, munakumba nawo manda ngati mwana wa pakhomo. Sindinakuthokozeni bwinobwino. Zikomo." Mwina angoyankha kuti "aaa, zazing'ono izo", n'kupitiriza kumanga katoni. Musaone ngati sanamve.

Ine ndi amene ndikuchoka. Kodi uthenga wanga usiyane bwanji?

Kumbukirani kuti inu mukupita ku zatsopano, pomwe mnzanu akutsala ndi chipinda chopanda munthu ndi lendi yonse. Chisangalalo chanu ndi chovomerezeka, koma chisadzaze kalata. Nenani zochepa za kumene mukupita, zambiri za kumene mukuchoka.

Mawu anu adzalemera malinga ndi mmene mwachokera. Muuzeni msanga, mwezi wathunthu kapena kuposa, kuti apeze nthawi yofuna wina wolowa kapena nyumba yocheperapo. Asamve kwa aneba kapena kuona makatoni asanamve kwa inu. Sesani ndi kukolopa chipinda chanu, bwezani makiyi m'manja mwake, ndipo mutsanzikenso alandilodi ndi aneba, chifukwa mukachoka mwakachetechete amene adzafunsidwe mafunso ndi iye. Kalata yanu muisiye pamalo pamene aipeze akabwerera kokuperekezani, monga pansi pa chivundikiro cha poto wa nsima. Nthawi yolowanso m'nyumba yekha ndi imene imakhala yowawa kwambiri kwa wotsala.

Akuchoka chifukwa akukwatiwa, ndipo kunena zoona mtima ukundiwawa. Ndingalembe bwanji osaoneka wansanje?

Kusangalala naye ndi kumva chisoni zikhoza kukhala pamodzi, ndipo mukhoza kunena zonse ziwiri, bola muyambe ndi kusangalala. "Ndakondwa nawe ndi mtima wonse. Nyumba ino ikhala yaikulu kwa ine ndekha, koma ndakondwa." Pamenepo mwanena zoona, osamusenzetsa katundu.

Zinthu ziwiri muzipewe. Musaseke mwamuna wake, ngakhale mwanthabwala, chifukwa kalata ikhoza kudzawerengedwa ndi iyeyo. Musalembenso kuti "zikakavuta chipinda chako chilipo". Cholinga chake ndi chabwino, koma kwa munthu amene akulowa m'banja amamveka ngati mukulosera. Malangizo a banja ali ndi eni ake, ankhoswe ndi alangizi. Inu gawo lanu ndi umboni wa mmene munthuyu alili m'nyumba, ndipo palibe wina amene angaupereke kuposa inu.

Akupita ku Joni kukafuna ntchito. Pali china choti ndiganizire?

Chilipo. Wopita ku Joni pabasi amatulukira pa Mwanza, n'kudutsa ku Tete ndi Zimbabwe asanafike pa Beitbridge, ndipo akangowoloka malire bandulo ya kuno imasiya kugwira ntchito. Uthenga wa pafoni umene mungatumize mochedwa akhoza kuuona patapita masiku, ndiye kalata ya papepala ndi yodalirika. Mulembemonso nambala yanu ya foni m'munsi, kuti foni yake ikasowa m'njira akhale ndi pokupezerani.

Mu uthengamo musaikemo zopempha. Munthu wopita kunja amanyamuka atasenza kale mndandanda wa abale ofuna foni, nsapato ndi fizi, pomwe iye sakudziwa kumene akagone mwezi woyamba. Mukhale munthu mmodzi amene sanamutume kanthu. Mukhoza kumuuza kuti: "Zikakayenda kapena zikakavuta, undiuze zoona. Kwa ine sukufunika kuoneka ngati zikuyenda." Anthu ambiri kumeneko amasiya kuimba foni chifukwa cha manyazi, ndipo mawu ngati amenewa amawasiyira khomo lotsegula.

Kodi n'kulakwa kuika uthengawo pa Facebook kapena pa sitetasi ndi zithunzi zathu?

Si kulakwa, koma chikhale chowonjezera, osati cholowa m'malo mwa mawu a inu awiri. Mufunseni kaye. Ena safuna kuti anthu adziwe kuti asamuka kapena kumene apita, pazifukwa zawo. Kwa inunso wotsala, kulengeza kuti tsopano mukugona nokha m'nyumba si nzeru.

Wokhala naye nyumba amaona zimene ena saona: matenda, ngongole, misozi ya chibwenzi chitatha, zithunzi atangodzuka. Anakuonetsani zimenezo chifukwa munali m'nyumba, osati kuti dziko lidziwe. Nkhani ya malungo ija ndi yokoma m'kalata, koma pagulu ndi nkhani ya thanzi la munthu. Pagulu ikani chithunzi chimene iye wavomereza ndi mawu ochepa.

Ndimupatse mphatso yanji, nanga ndimuperekeze mpaka kuti?

Mphatso yoyenda bwino ndi uthenga ndi imene yatuluka m'nyumba momwemo kapena m'zimene mwalemba: juzi ija, kapu imene ankamwera tiyi, chitenje chimene ankabwereka kawirikawiri. Ikhale yopepuka, poti katundu wachuluka kale. Kamba wa paulendo musaiwale: mtedza wokazinga, mbatata yophika, mazira owiritsa, botolo la madzi.

Kuperekeza ndi mbali ya uthenga. Ngati n'kotheka pemphani nthawi kuntchito, mumunyamulire chikwama mpaka pa depoti, muonetsetse kuti katundu wakwezedwa, ndipo mudikire basi inyamuke. Pamenepo sipafunikanso mawu ambiri kuposa "muyende bwino" ndi "tsalani bwino".

Ndimulonjeze kuti palibe chisinthe pakati pathu?

Musalonjeze zimenezo, chifukwa zisintha. Ubwenzi wa m'nyumba umadyetsedwa ndi kuonana popanda kupangana, ndipo zimenezo zatha. Milungu yoyamba mudzalemberana tsiku lililonse, kenako kawiri pamlungu, kenako mwa apo ndi apo. Si chizindikiro chakuti wina wasiya kukonda mnzake. Koma ngati munalonjeza kuti "tizilankhulana tsiku lililonse", tsiku loyamba kudumpha mumayamba kudziimba mlandu, ndipo manyazi amatalikitsa anthu kuposa mtunda.

Lonjezani chinthu chimodzi chokhala ndi nthawi yake, ngati foni ya Lamlungu ija, kapena ulendo umodzi: "Pa Khirisimasi ndibwera kudzaona nyumba yanu." Kwa amayi a ku Chilomoni aja, ngakhale K51,000 ya kumapeto kwa mwezi ndi mpata wolankhulana. Ikatumizidwa pa tsiku lake miyezi itatu yonse, imatsimikizira mawu a m'kalata kuposa china chilichonse. Ikayamba kuchedwa popanda kufotokoza, wotsalayo amayamba kuopa kuyankha foni, ndipo foni ya Lamlungu imafera pomwepo. Ngati mwezi wina zavuta, imbani tsiku lisanafike, munene kuti mutumiza liti.

Ndinamupatsa kalata koma wangoyankha kuti "zikomo, ndafika bwino". Kodi sinamukhudze?

Mlungu woyamba pamalo atsopano munthu amakhala akufunafuna nyumba, kogula makala, njira ya kuntchito ndi mayina a anthu. Ena kalata yotere imawakhudza kwambiri moti sadziwa poyambira kuyankha, ndipo amadikira tsiku limene adzapeze mawu oyenera. Musamufunse ngati anawerenga kapena chimene anaganiza, chifukwa mukatero mphatso ija imasanduka ngongole. Lamlungu likafika imbani monga munanenera, mumufunse ngati wapeza nyumba, ngati madzi akutuluka kumeneko, ndi ngati juzi ija ikuthandiza.